Enkoda ya kadi ndi ya purosesa pa kanema wa ukwati

"Ndimajambula maukwati kuno ku Kasungu. Kanema ndikamutulutsa ndi NVENC amatha msanga, koma pa perekaniperekani amaoneka timabokosi. Kadi langa lafa kapena?"

Achimwene, kadi lili bwinobwino. NVENC ndi enkoda, kachipangizo kapadera kopanikiza kanema kuti fayilo ichepe, m'kati mwa kadi la zithunzi la Nvidia, monga Quick Sync kwa Intel ndi VCN kwa AMD. Anakapanga kuti kathamange, ndiye sikasanthula chithunzi chilichonse mozama. Pomwe x264, enkoda ya pulogalamu chabe, imagwiritsa ntchito purosesa, ndipo mukaiika pa `slow` imafufuza modekha komwe chinthu chasunthira kuchoka pa chithunzi china kufika pa chinzake. N'chifukwa chake pa fayilo yofanana kukula, x264 imasunga zambiri.

Kusiyanaku kumaonekera bitireti, kuchuluka kwa data pa sekondi iliyonse ya kanema, ikachepa. Abusa akamalalikira ataima malo amodzi, enkoda iliyonse imakhoza. Koma amayi akalowa m'bwalo, zitenje zamaluwamaluwa zikugwedezeka, fumbi lili kobo, ndalama zikuuluka, pafupifupi chilichonse chikusintha nthawi imodzi. Pamenepo enkoda yachangu imafafaniza maluwa a chitenje, nkhope zimasalala ngati zapakidwa sera, mumdima mumabwera timabokosi tija.

Musayese ndi ola lonse. Dulani masekondi 30 a pamalo povuta, mutulutse kawiri pa bitireti imodzi ndi pulogalamu ya ffmpeg:

```
ffmpeg -ss 00:42:00 -t 30 -i ukwati.mp4 -c:v h264_nvenc -preset p7 -b:v 4M a.mp4
ffmpeg -ss 00:42:00 -t 30 -i ukwati.mp4 -c:v libx264 -preset slow -b:v 4M b.mp4
```

Imitsani onse awiri pamalo amodzi, muyang'ane chitenje ndi tsitsi la mkwatibwi. Kenako bwerezani ndi `10M`. Pa 1080p mupeza kuti pa 4M kusiyana kulipo, koma pa 10M muchita kutong'ola maso kuti mukuone. Musayerekeze `-cq 21` ya NVENC ndi `-crf 21` ya x264, manambalawa sayeza mofanana.

Tsono werengani mtengo wake. Ola limodzi pa 4 Mbps ndi pafupifupi 1.8 GB, pa 10 Mbps ndi 4.5 GB. Ngati kasitomala mukumupatsa pa fulashi, 4.5 GB si nkhani bola fulashiyo isakhale ya FAT32 yomwe imakana fayilo yopitirira 4 GB, gwiritsani NVENC mukweze bitireti. Ngati mukutumizira achibale ali ku Joni, bandulo ndi yanu, pamenepo x264 ndiye mnzanu. Ine inandipwetekapo kamodzi: ndinaisiya usiku ikugaya, magetsi n'kuthima itatsala pang'ono, fayilo ya MP4 ija osatsegukanso. Chiyambire tsiku limenelo ndimayamba ndatulutsa kope lalikulu ndi NVENC kuti ndikhale nalo m'manja, laling'ono limabwera pambuyo.

Simunanene kuti kadi lanu ndi liti. Kuyambira pa RTX 20 a mu 2018, komanso GTX 1660, NVENC inasintha kwambiri, moti imapikisana ndi x264 ya `medium`. Ngati lanu ndi GTX 1050 kapena lakale kuposa apo, bitireti musaiumire.