Hadisi ikatchedwa yofooka, sikuti ndi bodza

"Ndinawerenga hadisi ina pagulu, munthu wina n'kunena kuti ndi dwaifu. Kodi ndiye kuti ndinamunamizira Mtumiki? Nanga amadziwa bwanji?"

Ayi m'bale wanga, simunaname. Yopeka ili ndi dzina lake, maudhu. Dwaifu ndi hadisi yomwe umboni wake waperewera.

Akatswiri amayamba ndi sanadi, mndandanda wa anthu omwe anapatsirana mawuwo kuchokera kwa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Kuti hadisi ikhale sahihi, kutanthauza yolimba kwathunthu, aliyense pa mndandandawo akhale atamva kwa amene akumutchula, akhale wolungama, komanso wosunga bwino zimene wamva, pamtima kapena m'buku. Isatsutsane ndi zomwe anena odalirika kuposa iye, ndipo isakhale ndi chilema chobisika. Sanadi ya Maliki, kuchokera kwa Nafi, kuchokera kwa Ibun Umar, katswiri wa mahadisi Bukhari ankaiona ngati yolimba kuposa zonse: anthu atatu okha, aliyense anakhalitsa ndi mnzake.

Ambiri amaganiza kuti wofooka ndi wabodza basi, koma nthawi zambiri vuto limakhala kukumbukira. Wolungama amene amaphonyako pang'ono, hadisi yake imatsika n'kukhala hasani, ndipo imagwirabe ntchito ngati umboni. Akamaphonya kawirikawiri, imakhala dwaifu.

Taonani za Ibun Lahia, woweruza wa ku Iguputo amene anamwalira mu 790. Sanali wopeka mahadisi. Zimanenedwa kuti mabuku ake anapsa chakumapeto kwa moyo wake, ndipo ankasokoneza zimene ankasimba. Choncho akatswiri akapeza dzina lake pa sanadi, amafunsa kuti anamva kwa iye ndani. Akakhala Ibun Mubaraki kapena Ibun Wahabu, omwe ankasamala potenga kwa iye, ambiri amaipatsa mphamvu yokulirapo. Akakhala wina, amafufuza ngati mawu omwewo anabweranso kudzera njira ina yosadutsa mwa iye. Njira yoteroyo ikapezeka, hadisi ikhoza kukwera kufika pa hasani. Izi zimatheka pokhapokha kufookako kuli kwa kuiwala. Anthu khumi oganiziridwa bodza salimbitsana.

Palinso kamawu komwe owerenga ambiri sakaona. Wosimba akati "anatiuza", ndiye kuti anamva yekha. Akangoti "kuchokera kwa", n'kutheka kuti pakati pabisika munthu. Kubisa kotereku kumatchedwa tadilisi, ndipo amene amadziwika nako salandiridwa msanga mpaka atanena poyera kuti anamva.

N'chifukwa chake mumapeza katswiri wina akuti hasani, wina akuti dwaifu, pa hadisi imodzimodzi: asiyana pomuyeza wosimba mmodzi, kapena wina wapeza njira yomwe mnzake sanaione. Ine ndingakulangizeni kuti mubwerere kwa amene anakudzudzulaniyo mwaulemu, mumufunse kuti anaifooketsa ndi katswiri uti, komanso ndi wosimba uti pa sanadiyo amene ali ndi vuto.