Uthenga wa pafoni wopita kwa amalume: iwe kapena inu?

"Agogo, mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono, anakulira ku Mangalande ndipo Chichewa chimamuvuta. Ananditumizira uthenga wa Chingerezi pa WhatsApp kuti ndiumasulire, upite kwa amalume athu ku Dedza. Ndinali m'minibasi, ndiye ndinangolemba mwachangu kuti: 'Muli bwanji malume? Ndakutumizira ndalama za feteleza. Pita ukatenge kwa ejenti, usaiwale chiphaso chako. Undiuze ukalandira.' Ndalama anakatenga koma sanayankhe, ndipo amayi akuti amalume adandaula. Chingerezicho chinalibe mwano. Ndinalakwa pati, nanga ndizisankha bwanji?"

Mdzukulu wanga, Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha loitanira munthu amene ukulankhula naye, kaya ndi khanda, kaya ndi mfumu, kaya ndi gulu la anthu. Choncho uthenga wa mng'ono wako sukanakuuza chosankha. Chimene chimakuuza ndi ubale wa anthu awiriwo, wotumiza ndi wolandira. Usanagwire foni dzifunse kuti, mwanayu akanagwada pakhonde la amalume ku Dedza, akanawalankhula bwanji? Yankho lake ndiye ulembe.

Moni unaupereka bwino. "Muli bwanji" amatuluka yekha m'kamwa chifukwa tinazolowera. Koma utangodutsa moniwo unatsetsereka, ndipo mawu onse otsatira anali olankhulira mwana. Anthu ambiri amaganiza kuti akapewa kulemba liwu loti "iwe" ndiye kuti apulumuka. Iwe sunalilembe n'komwe liwulo, koma likumveka mu uthenga wonse, chifukwa limabisala m'kati mwa mawu ena.

Tiye tiwuone uthenga wakowo. "Ndakutumizira" akusowa "ni" wa kumapeto, ayenera kukhala "ndakutumizirani". Ameneyu ndi amene amathawa kawirikawiri munthu akamalemba mothamanga, poti "ku" wa pakatiyo sasintha, ulemu wonse uli pa tizilembo tiwiri takumapeto. "Ukatenge", "usaiwale", "undiuze" ndi "ukalandira" onse ayamba ndi "u", pamene kwa wamkulu amayamba ndi "mu": mukatenge, musaiwale, mundiuze, mukalandira. Ndiye pali "chako", amene ayenera kukhala "chanu", monganso "wekha" amakhala "nokha" ndipo "kwako" amakhala "kwanu". Ukamaliza kulemba, yang'ana malo atatu amenewa: chiyambi cha mneni, mathero ake, ndi mawu osonyeza mwini chinthu. Ngakhale dzina lenilenilo, "malume" wopanda "a" kutsogolo amamveka ngati ukuitana mnzako pa bawo.

Koma usaganize kuti ukasintha "pita" kukhala "pitani" ndiye wamaliza. "Pitani mukatenge" ali ndi inu, inde, koma akadali lamulo, ndipo mwana satuma amalume ake. Wamkulu timamupempha, timamusiyira mpata woti asankhe yekha nthawi. Ndiye pake pa mawu ngati "mukapeza mpata", "mukhoza", "chonde", ndi ka "ko" kofewetsa kaja ka mu "mundidziwitseko". Ine ndikanalemba chonchi:

"Amalume, muli bwanji kumeneko? Ndakutumizirani kangachepe ka feteleza. Mukapeza mpata mukhoza kukatenga kwa ejenti, mutengeko chiphaso chanu. Mukalandira mundidziwitseko. Zikomo."

Uthenga umenewu ndi wotalikirapo pang'ono chabe, ndipo usandiuze kuti unkasunga mayunitsi. Taona kuti ndalemba "kangachepe". Kwathu wopereka sadzitama ndi chimene wapereka, makamaka kwa munthu amene mwina anamulipirirako amayi ake fizi. Pamene amalume anapwetekeka kwenikweni ndi apa: ndalama zabwera limodzi ndi mawu olamula. Munthu wamkulu akalandira thandizo kwa mwana amakhala kale ndi kamanyazi mumtima, ndiye ukamuwonjezera "pita ukatenge" amamva ngati ndalamazo zamusandutsa wantchito.

Pali chinanso chimene sunachiganizire. Unalemba ngati ndiwe mng'ono wakoyo, koma uthenga unachokera pa nambala yako. Amalume sakudziwa kuti mwano ndi wa yani, wa mwana wa kunja amene sadziwa mwambo kapena wa iwe amene unakulira pamaso pawo. Ngati ukutumiza pa foni yako, lankhula ngati mthenga: "Amalume, mng'ono wanga uja wandituma, akuti wakutumizirani kangachepe ka feteleza." Ndipo ngati wokutumayo ali wamkulu, naye umupatse ulemu wake ngakhale palibe. Timati "amayi andituma, akuti abwera Loweruka", osati "mayi wati abwera". Ulemu umapita kwa amene ukulankhula naye komanso kwa amene ukumutchula.

Tsono pa zosankha. Zaka si muyeso wokhawo, ndipo apa ndi pamene achinyamata a m'tauni mumasokonezeka. Alipo amalume obadwa mochedwa amene ungawapose msinkhu, koma pa nkhani za banja amakhalabe amalume, mwini mbumba, ndipo ndi inu. Apongozi ndi inu mpaka kalekale, ngakhale mutazolowerana bwanji, ndipo iwonso amakubwezera inu yemweyo. Mfumu, abusa, aphunzitsi ako akale, munthu aliyense wamkulu amene sukumudziwa, onsewa ndi inu. Ngakhale makolo, mwana wawo akakula n'kukhala pabanja, ambiri amasiya kumutchula dzina n'kuyamba kumuitana ndi mfunda, aPhiri kapena Nabanda, kapena ndi dzina la mwana wake, ndipo inu amabwera nazo limodzi. Iwe ndi wa ana, wa anzako a msinkhu umodzi amene munazolowerana, ndi wa msuweni wako amene mumanyozana mwachibwana. Ife agogo timaseka ndi adzukulu, mwina mpaka kukutchulani akazi athu kapena amuna athu, koma taona kuti pondifunsa wandilembera "agogo" ndipo ine ndikukuyankha ndi iwe. Amalume akadzakuyankha kuti "ndalandira, uwathokoze", usadabwe. Njira imeneyi wamkulu amatsika nayo, mwana sakwera nayo.

Ukakayika, lemba inu. Ukamupatsa inu munthu woyenera iwe, choipa chimene chingachitike n'chakuti akuseka, akufunsa kuti wayamba liti kumulemekeza. Koma dziwa kuti pakati pa anthu ozolowerana, inu wobwera mwadzidzidzi amamveka ngati mkwiyo. Mnzako amene mumaitanana iwe tsiku ndi tsiku ukamulembera kuti "mwatani kodi inu", adzayamba kufufuza chimene wakulakwira.

Inu alinso ndi msampha wake umodzi pa mauthenga afupiafupi. Liwu lomwelo ndi la ulemu komanso ndi la anthu ambiri. Ukalemba kuti "mubwere ku Lilongwe Lachisanu, thiransipoti tilipira", amalume akhoza kufika ndi azakhali ndi ana awiri, ndipo sanalakwe. Ngati Chingerezicho chikunena munthu mmodzi, onjezera kuti "inuyo panokha", kapena tchula kuti "ndalama ya thiransipoti ndi ya munthu mmodzi". Ngati sukudziwa kuti wotumizayo amatanthauza mmodzi kapena banja lonse, mufunse kaye usanamasulire.

Za amalume a ku Dedza, usalembenso uthenga wina wopepesa. Imba foni, kapena pita ngati ungathe. Uwauze kuti mng'ono wako analemba mwaulemu, ndipo amene anapotoza mawu pomasulira ndiwe, kuti mwana wa kunjayo asasenze mlandu umene sakuudziwa. Ukatero umuphunzitse iyeyo kulemba yekha mawu awiri, "Zikomo amalume", awatumize pa nambala yake.