IRAC yosamveka ngati mwadzaza fomu

"Ndili chaka choyamba cha maphunziro a zamalamulo. Pa mafunso opereka nkhani kuti tilangize munthu ndimatsata IRAC bwinobwino, koma aphunzitsi amandilembera kuti yankho langa ndi louma ndipo malamulo ndangowandandalika. Ndiisiye IRAC kapena ndikulakwitsa penapake?"

Musaisiye. Pepala lanu sindinalione, koma ndawerenga mayankho ambiri olandira ndemanga ngati imeneyi, ndipo pafupifupi onse amadwala nthenda imodzi: wolemba amapanga IRAC imodzi yaikulu yophimba funso lonse. Ndime yoyamba atchula maishu onse. Masamba awiri otsatira akhuthula malamulo onse amene analoweza. Kenako m'mizere isanu abwereza nkhani ya m'funso, n'kumaliza kuti "choncho pali kontrakiti". Zilembo zinayi zonse zilipo, ishu, lamulo, apulikeshoni ndi konkulushoni, koma lamulo ndi nkhani sizinakumane paliponse. Kuuma kumene aphunzitsi akunena n'kumeneko.

IRAC ndi ya ishu imodzi. Funso likakhala ndi maishu atatu mumaizungulira katatu, ndipo maulendo atatuwo salingana kutalika. Tiyeni titenge funso tione.

Lolemba, Wogulitsa atumizira Wogula kalata yomuuza kuti akugulitsa galimoto lake pa mtengo wakuti, ndipo amudikira mpaka Lachisanu. Lachiwiri Wogula ayankha pa uthenga wa pafoni kuti: "Kodi mungalole kuti ndilipire kawiri, theka pano theka mwezi wamawa?" Wogulitsa sayankha. Lachitatu agulitsa galimotolo kwa munthu wina, n'kuponya kalata youza Wogula kuti ofa yatha. Lachinayi m'mawa Wogula, asakudziwa kalikonse, aponya kalata yovomera kugula pa mtengo uja, kulipira kamodzi. Kalata ya Wogulitsa imupeza Lachinayi masana. Langizani Wogula.

Musanalembe chilichonse, ndandalikani masikuwo pambali ndipo pa tsiku lililonse dzifunseni kuti: apa maloya a mbali ziwiri angakangane pa chiyani? Pamene sangakangane si ishu. Kalata ya Lolemba ndi ofa, palibe angatsutse, choncho chiganizo chimodzi chikwanira: kalatayo ikutchula chinthu, mtengo ndi munthu, ndipo ikusonyeza kuti Wogulitsa ndi wokonzeka kumangika Wogula akangovomera. Basi. Ophunzira ambiri amathera theka la tsamba pano kufotokoza kusiyana kwa ofa ndi kungoitanira malonda, n'kubweretsanso Carlill v Carbolic Smoke Ball Co wa 1893, chifukwa ndi mlandu umene amaukumbukira bwino. Ndimawamvetsa, mlanduwo ndi wokoma kuufotokoza, koma m'funso ili ulibe ntchito.

Mkangano weniweni uli pa uthenga wa Lachiwiri. Wolemba mouma amati: "Ishu ndi yakuti kodi panali ofa yobwezera. Lamulo likuti ofa yobwezera imapha ofa yoyamba, Hyde v Wrench. Kufunsa chabe sikupha ofa, Stevenson v McLean. M'nkhaniyi Wogula anafunsa zolipira kawiri. Choncho kunali kufunsa chabe." Palibe bodza m'mawu amenewa. Koma taonani pakati pa chiganizo chachinayi ndi chachisanu: pali dzenje. Wabwereza zimene zinachitika, kenako walumphira ku chigamulo, osanena chifukwa chake uthengawo ukugwera mbali iyi osati inayo. Malikisi ambiri a funsoli ali m'dzenje limenelo.

Kuti mulikwirire muyenera kudziwa zimene zinachitika m'milanduyo, osati mayina okha. Mu Hyde v Wrench wa 1840, mwini famu anati agulitsa pa mapaundi 1,000, wogula anati apereka 950, mwini anakana, ndipo wogula atabwerera kuti avomere 1,000 khothi linati ofa ija inafa kale. Mu Stevenson, Jacques & Co v McLean wa 1880, wogulitsa chitsulo anatchula mashileni 40 pa tani, ndipo ogula anatumiza telegalamu yofunsa ngati angalole mtengo womwewo katunduyo n'kuperekedwa m'miyezi iwiri, kapena ngati ayi, nthawi yaitali imene angalole. Khothi linati uku kunali kufunsa chabe, ofa inali ikadali yamoyo. Mukadziwa zimenezi, ndime yanu imatuluka motere:

"Wogulitsa adzanena kuti uthenga wa Lachiwiri unapha ofa yake, popeza ofa yobwezera imathetsa yoyamba monga mu Hyde v Wrench, ndipo kulipira kawiri ndi mfundo yatsopano imene munalibe m'kalata ya Lolemba. Mfundoyi ili ndi mphamvu, chifukwa nthawi yolipira si chinthu chaching'ono kwa munthu wogulitsa. Komabe mu Hyde wogula anaika mtengo wakewake, umene mwini famu akanangouvomera kontrakiti n'kukhalapo. Pano Wogula sanasinthe mtengo, sananene kuti agula pokhapokha atalipira kawiri, ndipo anayamba ndi mawu akuti 'kodi mungalole'. Zimenezi zikufanana kwambiri ndi telegalamu ya mu Stevenson, imene inafunsanso za nthawi osakhudza mtengo. Khothi likhoza kuona uthengawu ngati kufunsa chabe, kotero ofa inali ikadalipo Lachiwiri madzulo."

Werenganinso. IRAC yonse ilimo, koma palibe paliponse pamene ndalemba kuti "ishu ndi yakuti" kapena "lamulo likuti". Ishu yalowa kudzera m'kamwa mwa Wogulitsa, lamulo labwera pa mzere umene likufunika, ndipo mbali yaikulu ya ndimeyo ndi kuyerekeza mawu a m'funso ndi zochitika za m'milandu iwiri. Ndagwiranso mawu enieni a Wogula. Olemba mafunso sasankha mawu mwangozi. Akanafuna ofa yobwezera akanalemba kuti "ndilipira kawiri, apo ayi sindigula".

Njira yodziyesera ndi iyi. Tengani chiganizo chilichonse cha apulikeshoni yanu mufufuze mawu akuti "chifukwa", "popeza" kapena "mosiyana ndi", ndipo muone ngati pambuyo pake pakubwera chinthu chochokera m'funso. Ngati ndime yonse mungaidule n'kuimata pa funso lina la ofa popanda kusintha liwu, ndiye kuti mwalemba manotsi a m'kalasi. Ndinkachita zimenezi inenso, mpaka mphunzitsi wina anandibwezera pepala atazunguliza tsamba lathunthu n'kulemba mawu atatu okha: "Wogula ali kuti?"

Tsopano ishu yotsatira iyenera kubadwa kuchokera ku yapitayo, ndipo apa ndi pamene yankho limayamba kumveka ngati munthu akuganiza. Mwanena kuti ofa inali yamoyo Lachiwiri, ndiye funso lachibadwa ndi lakuti: nanga Wogulitsa anali ndi ufulu woichotsa Lachisanu lisanafike? Iyi ndi yaifupi. Lonjezo lodikira silimanga ngati winayo sanapereke kanthu posinthana nalo, monga mu Routledge v Grant wa 1828, ndipo Wogula sanapereke kalikonse. Wogulitsa akanatha kuchotsa ofa nthawi iliyonse Wogula asanavomere. Ziganizo ziwiri kapena zitatu, mwadutsa.

Koma ufulu wochotsa ndi wina, kuchotsa m'nthawi yake ndi kwina. Apa pali malamulo awiri oyenda mosiyana, ndipo funsoli analilemba dala kuti awombane. Kalata yovomera imagwira ntchito pamene yaponyedwa, malinga ndi Adams v Lindsell wa 1818. Kalata yochotsa ofa imagwira ntchito pokhapokha yafika kwa wolandira, malinga ndi Byrne v Van Tienhoven wa 1880. Choncho ngakhale Wogulitsa anaponya yake Lachitatu, tsiku lathunthu Wogula asanaponye, yake inayamba kugwira ntchito Lachinayi masana, pamene ya Wogula inagwira Lachinayi m'mawa. Kontrakiti inabadwa m'mawa, kalata yochotsa inapeza zinthu zitatha. Kugulitsa galimoto kwa munthu wina Lachitatu pakokha sikuchotsa ofa. Mu Dickinson v Dodds wa 1876 wogula anali atamva kwa munthu wina kuti mwini nyumba akugulitsa kwina, koma Wogula wathu funso lanena poyera kuti sankadziwa kalikonse.

Musathamangire kutseka. Lamulo la positi lili ndi malire, ndipo wolemba wabwino amawayesa pa nkhaniyo m'malo mongowatchula. Limagwira ngati kunali koyenera kuvomera pa kalata. Ofa inabwera pa kalata, zimene zikuthandiza Wogula. Koma Wogulitsa anganene kuti Lachiwiri Wogula anagwiritsa ntchito foni, bwanji pa nkhani yofunika chonchi anasankha njira yochedwa? Yankho lake ndi lakuti Wogulitsa sanayankhe uthenga wa pafoniwo ndipo iye mwini anapitiriza kulemba makalata. Lamuloli silikanagwiranso ofa ikananena kuti kuvomera kuyenera kumufika Wogulitsa, monga zinalili mu Holwell Securities v Hughes wa 1974, koma kalata ya Lolemba sinanene zotero. Milandu ndatchulayi ndi ya ku Mangalande, imene maiko ambiri otsata malamulo ochokera kumeneko amaphunzitsa. Ngati makhothi a dziko lanu anagamulapo pa mfundo yomweyo, kapena pali lamulo lolembedwa, yambani ndi zimenezo.

Chinthu china chimene IRAC youma imalephera ndi mphanda. Pa uthenga wa Lachiwiri munati khothi "likhoza". Nanga likagamula mwina? Onjezani chiganizo chimodzi: ngati uthengawo unali ofa yobwezera, ofa ya Lolemba inafa Lachiwiri, kalata ya Lachinayi ikhala ofa yatsopano yochokera kwa Wogula imene Wogulitsa sanaivomere, ndipo palibe kontrakiti. Mwaonetsa kuti mukudziwa pamene nkhani yonse yapachikika. Koma sankhanibe mbali. Kulemba kuti "zitengera khothi" n'kusiyira pomwepo si kulangiza munthu.

Za timitu: ngati aphunzitsi anu amafuna kuona zilembo zinayizo zitalembedwa, zilembeni, iwo ndiwo akuchonga. Ngati sanalamule, timitu tanu titchule mkangano, monga "Uthenga wa Lachiwiri" ndi "Kalata iti inayamba kugwira ntchito", ndipo IRAC ikhale mkati mwa ndime.

Konkulushoni yomaliza ilankhule kwa amene munauzidwa kuti mumulangize. Wogula ali ndi mwayi waukulu wosonyeza kuti kontrakiti inapangidwa Lachinayi m'mawa ndipo Wogulitsa waiphwanya, ngakhale chiopsezo chili pa uthenga wa Lachiwiri. Muuzeninso chimene angapeze. Galimotolo lapita kwa munthu wina, ndipo khothi kawirikawiri silikakamiza kupereka chinthu chimene chofanana nacho chimapezeka pamsika, choncho ayembekezere chipukuta misozi: kusiyana kwa mtengo umene anagwirizana ndi mtengo wogulira galimoto lofanana nalo kwina. Ngati kusiyanako kulibe, Wogula adzapambana mlandu n'kulandira kandalama kongosonyeza kuti analakwiridwa, ndipo ayenera kudziwa zimenezi asanalipire loya.