Twita yapsa kachitatu: yang'anani kapasita musanagule ina

Funso: Amisiri, ndimayimba nyimbo m'maukwati kuno ku Katete. Bokosi langa lili ndi wufa ya mainchi 15 ndi twita ya honi ya maomu 8, ampu ndi ya mawati 200 mbali imodzi. Twita yapsa katatu m'miyezi iwiri. Itapsa koyamba ndinaona kuti kapasita ya pa kirosiova yatupa, ndiye ndinaikapo ina yochotsa m'wailesi yakale, yolembedwa 47µF 50V. Kodi matwita a masiku ano ndi achabechabe, kapena ampu ndiyo yakula?

Yankho: Achimwene, musagule twita yachinayi kapasitayo ili pomwepo, chifukwa nayonso ipsa. Ndikukhulupirira kuti yotupa ija inalembedwa 4.7µF, kadontho ka pakati simunakaone. Kapasita ikatupa, zilembo zimafufutika, ndipo anthu angapo andibweretserapo mabokosi a vuto lomweli kuno ku Chipata.

Twita ili ndi kawaya kowonda ngati tsitsi, ndipo inapangidwira mawu osongoka okha, monga kulira kwa zitsulo za pa ng'oma ndi "s" wa woyimba. Mawu olemera ndi a wufa, imene ili ndi waya wonenepa komanso malo okwanira ogwedezekera. Ntchito ya kirosiova ndi kugawa katunduyu. Kapasita imakhala panjira yopita ku twita, ndipo khalidwe lake ndi lakuti mawu akamatsika iyo imawatsekereza kwambiri, akamakwera imawatsegulira. Ya 4.7µF pa 500Hz imatchinga ngati maomu 68, choncho twita ya maomu 8 imalandira pang'ono chabe. Ya 47µF pa 500Hz yomweyo imatchinga ngati maomu 7 okha. Ndiye kuti mawu a munthu, gitala ndi kiyibodi, m'mene muli mphamvu yambiri ya nyimbo, zonse zimathira pa kawaya kaja. Kangapirire nyimbo ziwiri zitatu, koma osati ukwati wa tsiku lonse.

Malire amene kapasita imayambira kudula mungawawerengere nokha pafoni:

```
f = 159000 / (R x C)
```

Apa f ndi malirewo mu Hz, R ndi maomu a twita, C ndi nambala ya µF. Mukaika 8 ndi 4.7 mupeza pafupifupi 4200Hz, pomwe twita ya honi yaing'ono imakhala bwino. Mukaika 8 ndi 47 mupeza 420Hz. Onani kuti kapasita ikakula malire amatsika, ndipo kutsikako ndiko kumapha twita. Ambiri amaganiza kuti yaikulu ndiyo yamphamvu. Nambala yosonyeza kupirira ndi ya mavoti, osati ya µF.

Pa mavoti pomwepo palinso cholakwika chachiwiri. Ampu ya mawati 200 pa maomu 8 imatulutsa mavoti 40, ndipo pansonga imafika pafupifupi 57, kudutsa 50 ija. Komanso kapasita ya m'wailesi ili ndi mwendo wa + ndi wa -, inapangidwira magetsi oyenda mbali imodzi. Magetsi opita ku sipika amasinthasintha mbali, motero yotereyi imatentha, imadontha mphamvu, mwinanso kulumikiza miyendo yake mkati, n'kusiya twita pamtetete. Funani yopanda + ndi -, yolembedwa NP kapena BP, ya mavoti 100 kupita m'mwamba. Yabwino koposa ndi yapulasitiki, yolembedwa MKP kapena MKT, ya 250V. Ikasowa m'mashopu, pitani kwa okonza mafani. Kabokosi kakuda ka mawaya awiri ka m'fani nako n'kapulasitiki, kalibe + ndi -, ndipo kamapirira mavoti 400 kapena 450. Ine ndimakagwiritsa ntchito popanda nkhawa, bola nambala ya µF igwirizane. Ziwiri zikalumikizidwa miyendo pamodzi mbali zonse, manambala amaphatikizana, 2.5 ndi 2 zipereka 4.5, ndipo imeneyo ikwana.

Komabe, pa ntchito yanuyi sindingakhutire ndi kapasita yokha. Iyo imadula pang'onopang'ono. Mawu akatsika ndi theka kuchoka pa malire, mavoti ofika ku twita amangotsika pafupifupi ndi theka. Pa sipika ya pabalaza zimakwana, koma pa bwalo ayi. Tsegulani bokosi muone ngati pa kathabwa ka kirosiova pali kakoilo kolumikiza miyendo iwiri ya twita, pakati pa kapasita ndi twitayo. Koilo imachita zosiyana ndi kapasita, mawu olemera imawalola, osongoka imawakana. Ikaikidwa pamenepo imameza zolemera zimene zazemba kapasita, ndipo mawu akatsika ndi theka, mavoti amatsika kanayi. Ngati palibe, ikani kapasita ya 3.3µF ndi koilo ya 0.47mH. Pa twita ya maomu 8 zimenezi zimadula cha pa 4000Hz. Ngati koilo ilipo kale, bwezerani kapasita ya nambala imene fakitale inaika, chifukwa ziwirizo anaziwerengera pamodzi. Ngati muli ndi bokosi linzake losakhudzidwa, werengani pamenepo.

Chenjezo limodzi lalikulu pa kirosiova ya koilo: musayimbe twita itapsa kapena itachotsedwa. Kapasita ndi koilo zikatsala zokha, cha pa malire paja zimakhala ngati waya wolumikizana, ndipo zingatenthe zokha kapena kuvulaza ampu. Chotsani waya wolowetsa mawu ku kapasitayo kufikira twita yatsopano itabwera.

Musanamange, yezani ndi mita. Twita yamoyo ya maomu 8 imaonetsa pakati pa 5 ndi 7, yopsa siyionetsa kanthu. Koma matwita otchipa a piyezo, opepuka opanda maginito aja, saonetsa kanthu ngakhale ali amoyo, ndipo masamu a pamwambawa sagwira pa iwo. Koilo iyezeni mwendo umodzi mutauchotsa. Iyenera kuonetsa pansi pa omu imodzi, ndipo ikakhala yakuda, yonunkha vanishi wopsa, isintheni ngakhale mita ikuvomera, chifukwa mizere yake ingakhale itagwirana mkati. Mukatha, yambani ndi voliyumu yapansi, khutu pafupi ndi honi. Muzimva kusongoka kokha. Mukamva mawu a woyimba onse akutulukira mu honi ngati wailesi yaing'ono, zimitsani, pali cholakwika. Yesaninso kutembenuza mawaya awiri a twita, mumvere muli pataliko. Mbali imene mawu a munthu akumveka odzaza, opanda dzenje pakati, ndiyo yoyenera.

Za ampu, mawati 200 si ambiri pa wufa ya mainchi 15. Choopsa ndi kuikankha mpaka getsi lofiira lolembedwa CLIP liziyaka osazima, kapena kukweza TREBLE mpaka kumapeto pa mikisa. Pamenepo twita imalandira mphamvu yambiri mosapumira, ndipo kirosiova siingathandize chifukwa mawuwo ndi osongoka ndithu, imawalola. Chimodzimodzi mluzu wa maikolofoni, pamene a tcheyamani a ukwati ayima kutsogolo kwa bokosi akulankhula. Masekondi ochepa a mluzu umenewo amakwana kupsereza twita yatsopano.

Chifukwa cha zimenezi ine ndimaika babu la galimoto la 12V 21W, la indiketa lija, panjira ya twita, kapasita isanafike. Likazizira limatchinga pang'ono kwambiri. Mphamvu ikachuluka, kawaya kake kamatentha, kutchinga kumakwera kangapo, ndipo babu limadya gawo limene likanapsereza twita. Limangeni pafupi ndi bowo la bokosi kuti muziliona muli pa mikisa. Likamaphethira pa ng'oma zokha palibe vuto, koma likayaka osazima, tsitsani voliyumu nthawi yomweyo.