Fomu ya mafunso ibwere pambuyo

"Ndili chaka chomaliza ku koleji. Ndikufuna kufufuza za ulimi wa mtayakhasu kwathu ku Dowa, koma mutu wake sunakhazikike. Asupavaiza akuti ndisankhe: kugawa fomu ya mafunso, kucheza ndi alimi, kapena kuyesa pamunda. Nditole iti?"

Achemwali, yambani ndi kucheza. Fomu imakubwezerani zomwe mwaikamo nokha. Mukalemba mayankho anayi pansi pa funso, mlimi achonga limodzi mwa anayiwo, ngakhale chifukwa chake chenicheni chili chachisanu chomwe inu simunachiganizire.

Ine zinandionekera. Ndinazungulira midzi ndi mafomu, ndipo pafupifupi aliyense anachonga "kusowa zipangizo". Ndinasangalala kuti yankho lapezeka, osadziwa kuti anthu ataona cholembera ankayesa ndikulemba maina a makuponi. Tsiku lina ndikudikira kabaza, agogo ena anandiuza kuti anasiya mtayakhasu chifukwa mapesi omwe anaphimbira anyamata osaka mbewa anawatentha, otsalawo ng'ombe za eni zinadya. Pa fomu yanga panalibe mbewa, panalibe ng'ombe.

Ndiye pezani alimi 12 kapena 15: ena amene akupitiriza, ena amene anasiya, amayi ndi abambo omwe. Musatengere okhawo amene alangizi akulozerani, poti amaloza alimi achitsanzo. Musafunse kuti "Kodi mtayakhasu ndi wabwino?" Adzati eya pokulemekezani. Nenani kuti, "Tandifotokozereni mmene munalimira chaka chatha, kuyambira pokolola mpaka podzala," kenako khalani chete. Mukafika poti mlimi wotsatira akungobwereza zomwe mwamva kale, mwakwana. Koma chilolezo cha komiti ya kafukufuku ya pakoleji panu chiyambe chatuluka, ndipo kwa amfumu mukalonjere kaye.

Tinene kuti nkhani ya mapesi yatuluka mobwerezabwereza. Mutu waoneka tsopano: mwa alimi amene anasiya, ndi angati anasiya chifukwa cha moto ndi ziweto? Funso la "angati" ndilo ntchito ya fomu. Pa chigulu chachikulu cha anthu, kuti chiwerengero chanu chisaphonye kupitirira 5 pa 100 iliyonse, ndi chitsimikizo cha 95 pa 100, pamafunika anthu pafupifupi 384 osankhidwa mwamayere. Yang'anani m'thumba ngati zitheka. Macheza 15 aja sangakupatseni maperesenti, musawakakamize.

Kuyesa pamunda ndingakuletseni chaka chino. Kumayankha funso lina: kodi kuphimbira kukusintha zokolola? Pamafunika timinda tophimbira ndi ta mizere, mbewu ndi feteleza zofanana, kugawa timindato mwamayere, ndi kubwereza kangapo. Mudzala mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, kukolola cha mu Epulo kapena Meyi, ndipo kusintha kwa nthaka nthawi zambiri kumaoneka patapita zaka zingapo. Lipoti lanu lidzakhala litafunika kale.

Kwa asupavaiza mukanene kuti mwasankha kucheza kwa masabata atatu, ndipo mutu mudzaubweretsa mukachokako.