Miyendo yatupa, lasikisi akumwa, madzi awaletsa: yankho kwa achemwali a ku Benga

"Moni adokotala. Bambo anga ali ndi zaka 64, anagonekedwa mwezi watha miyendo ndi mimba zitatupa, akuti mtima wafooka. Polowa sikelo inati makilo 68, potuluka 62. Anawapatsa lasikisi ndipo anati madzi asapitirire lita imodzi ndi hafu patsiku. Chikundizunguza nchoti mayi ena oyandikana nafe akutinso mtima wafooka koma iwo sanatupe, amangobanika usiku. Nde matendawa ndi amodzi? Ndipo mankhwala okodzetsa chonchi kenako nkumuletsa munthu madzi, ndi kutentha kwa kuno ku Benga, si kuwaumitsa kumeneku? Pano sikelo ikuti 64 ndipo ayamba kumadumphitsa mapilisi."

Zikomo achemwali, ndipo mwachita bwino kulemba manambala a sikelowo chifukwa yankho lanu lambiri lagona pamenepo.

Mtima uli ndi mapampu awiri ogundizana. Ya kumanja imalandira magazi obwera kuchokera mthupi monse, ku miyendo, ku mimba, ku mutu, nkuwakankhira ku mapapo kuti akatenge mpweya. Ya kumanzere imalandira magazi ochokera ku mapapo aja nkuwakankhira mthupi monse. Nde pampu ikafooka sikuti yaima ayi, ikugwirabe, koma ikuchotsa magazi ochepa kusiyana ndi omwe akubwera. Munaonapo kalavati ya pa msewu wa M5 itatsekeka ndi zinyalala nthawi ya dzinja, madzi sadzaza kutsogolo, amadzaza kumene akuchokera mpaka kusefukira m'minda. Mtimanso chimodzimodzi, funso ndi loti kumbuyo kwa pampu yofookayo kuli chiyani.

Kumbuyo kwa pampu ya kumanzere kuli mapapo. Magazi akaunjikana mmenemo madzi amayamba kuchucha mu mitsempha kulowa m'mapapo, ndipo munthu amayamba ndi befu poyenda, kamtunda koti kale amangodutsa pano aime kawiri. Kenako akagona chagada amabanika, chifukwa madzi omwe masana anali ku miyendo amabwerera ku chifuwa pampu nkulephera kuwalandira, ndiye amayamba kusanja mapilo awiri atatu, ena mpaka kugona chokhala pa mpando. Ena amagona bwinobwino koma pakati pa usiku kudzidzimuka mpweya utatha, kuthamangira pa windo, kutsokomola, mwina chifuwa kumalira ngati mphumu. Mayi oyandikana nanuwo ndi amenewa, ndipo musawaone ngati ali bwinoko poti sanatupe, madzi awo ali malo oopsa kuposa a bambo anu. Ambiri otere amatha miyezi akumwa mankhwala a chifuwa kapena kupopera za mphumu chonsecho vuto ndi mtima, zimandiwawa ndithu.

Kumbuyo kwa pampu ya kumanja kuli thupi lonse. Madzi amatsikira pansi, akakolo kutupa makamaka madzulo, miyendo yonse iwiri, ndipo mukadina ndi chala pa fupa la msongolo masekondi angapo pamatsala kadzenje. Munthu wongogona kutupa kumakhala m'chiuno kumbuyoku, muziwayang'ananso kumeneko. Chiwindi chimadzaza magazi nkumapweteka kumanja pansi pa nthiti, mimba kufufuma, kudya pang'ono wakhuta kale. Muwakhazike bambo motsamira muyang'ane m'mbali mwa khosi pamalo owala, mukaona mtsempha utadzaza mpaka chakunsagwada ndi chizindikiro cha mbali imeneyi.

Koma musaganize kuti ndi matenda awiri osadziwana. Chomwe chimafooketsa mbali ya kumanja kawirikawiri ndi mbali ya kumanzere yomweyo, mapapo akadzaza pampu ya kumanja imakankha movutikira mpaka nayo kutopa. Nde mwina bambo anu anayamba ndi befu chaka chatha osalabadira, muwafunse. Kuno zoyambitsa zomwe timaziona kwambiri ndi bipi ya zaka zambiri yosamwera mankhwala, mavavu a mtima, titseko toletsa magazi kubwerera mmbuyo, owonongeka chifukwa cha zilonda za pakhosi zaubwana zomwe sizinachiritsidwe, komanso mtima kufooka mayi akangobereka. Mbali ya kumanja imathanso kufooka yokha mapapo akawonongeka ndi tibi yakale, fodya kapena utsi wa nkhuni wa zaka ndi zaka. Ndinenenso kwa ena owerenga, kutupa kulikonse si mtima. Impso zimatupitsa, chiwindi chowonongeka ndi likodzo kuno kunyanja chimadzazitsa mimba madzi, ndipo mwendo umodzi wokha ukatupa ndi kuwawa imeneyo ndi nkhani ina yothamangira nayo ku chipatala. Osamwa lasikisi wa mnzanu chifukwa choti nanunso mwatupa.

Tsopano za kuumitsa zija. Madzi onsewa amachokera kuti? Impso. Mtima ukafooka magazi ofika ku impso amachepa, impso sizidziwa kuti vuto ndi pampu, zimangoona ngati munthuyu wataya magazi kapena wauma, ndiye zimayamba kugwira mchere ndi madzi kuti zisatuluke mu mkodzo, ubongonso nkuwonjezera ludzu. Madzi owonjezerawo amakathera pa pampu yotopa kale ija, imalephera kwambiri, impso nkugwiranso ena, basi kumangozungulira choncho. Ndiye ludzu la bambo anu silikutanthauza kuti thupi lilibe madzi. Makilo 6 omwe anatsika ku chipatala aja sanali mnofu, kilo imodzi ndi lita imodzi ya madzi, anali atanyamula malita 6 opanda ntchito.

Lasikisi, dzina lake lenileni fulosemaidi, amapita ku impso nkukaletsa kugwira mchere kuja, mchere ukamatuluka umakoka madzi. Pilisi limakhala la mamiligalamu 40, limayamba kugwira pasanathe ola limodzi ndipo mphamvu yake imatha pakadutsa maola 6 chonchi. Ndi chifukwa chake timati mammawa, ndipo ngati anawalembera kawiri lachiwirilo likhale cha m'ma 2 koloko masana osati usiku, apo ayi azingodzuka kupita kuseri. Tsiku la ulendo, tinene akukwera minibasi kupita ku boma, asadumphe, amwe akafika kapena akabwerako masana omwewo. Kudumphitsa kumene mwanenaku nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chimenechi, manyazi a mkodzo pa ulendo kapena ku tchalitchi, muwafunse mwaulemu muone.

Lasikisi akangotha mphamvu impso zimabwerera ku khalidwe lake, maola otsalawo zimagwira mchere uliwonse womwe walowa. Ndiye munthu akamwa pilisi mmawa, masana nkudya ndiwo zamchere wambiri, madzulo nkumwa thobwa jagi yonse, zomwe zinatuluka zabwerera. Apa mpamene pali nzeru yoletsa madzi ija, kuti chotuluka chisamafanane ndi cholowa. Ineyo ndimalimbikira kwambiri mchere kuposa madzi, chifukwa mchere ndi womwe umasunga madzi mthupi ndi kubweretsa ludzu. Tsiku lonse usafike magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kakang'ono ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo momwe. Soda wa mu therere nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho cha mu mchere chomwe chimasunga madzi mthupi, timakyubu tokometsera ndiwo, nsomba zoyanika ndi mchere, tchipisi cha pa chiwaya, zonsezo. Bambo muziwapatulira ndiwo zawo musanathire zimenezi, tomato ndi anyezi zikwanire, ndimu pang'ono.

Kuletsa madzi si lamulo la wodwala mtima aliyense, ena omwe ali bwino amangouzidwa kuti asamwe mopyola. Timaletsa makamaka amene akutupabe olo akumwa mankhwala, kapena amene sodiyamu wa m'magazi watsika chifukwa chosungunuka ndi madzi ambiri. Poti bambo anu anauzidwa ndi amene anawayeza, atsatire. Lita ndi hafu ndi mabotolo atatu a hafu lita aja. Mmawa dzazani atatuwo muike poonekera, akamwa kapu ya tiyi mutayeko kapu imodzi ya madzi mu botolo, chimodzimodzi thobwa, phala lamadzimadzi, msuzi, olo chivwende. Mabotolo akatha tsiku latha. Ludzu likavuta achukuche mkamwa nkulavula, kapena ayamwe kachidutswa ka ndimu, ndipo azimwa pang'onopang'ono ndi kakapu kakang'ono.

Nkhawa yanu yowaumitsa si yopanda pake ayi, zimachitika. Okutobala ndi Novembala kunyanja kuno munthu amatuluka thukuta olo atangokhala pansi pa mango, ndiye pilisi lomwe linali loyenera mu Juni litha kupyola. Muona chizungulire akaimirira, mkamwa gwa, mkodzo wochepa wakuda, kufooka, minofu ya miyendo kukokana, ndipo sikelo itsika pansi pa 62 kumapita ku 60 kutupa kulibe. Akatsegula m'mimba kapena kusanza ndiye zoopsa kwambiri ku impso, tsiku lomwelo apite akaonedwe, nthawi zambiri timayamba taimitsa lasikisi ndi kumasula madzi mpaka achire. Lasikisi amatayitsanso potaziyamu, mchere wina wa m'magazi, ndipo akachepa mtima umagunda mosokonekera, nchifukwa chake ena amapatsidwa mapilisi a potaziyamu. Koma ngati ali pa mankhwala ena a mtima monga sipironolakitoni kapena enalapulo, amenewa amasunga potaziyamu, musawagulire owonjezera pa famase mwa nokha, kuchuluka kwake nakonso kumapha. Akapita kokaonedwa ku chipatala pa mwezi mupemphe kuti awayeze magazi a impso.

Koma bambo anu lero sali ku mbali youma. 62 ndiye kulemera kwawo kwenikweni, 64 ndiye kuti malita 2 abwerera, ndipo sikelo imaona madzi miyendo isanayambe kuonetsa. Lamulo lomwe timapereka ndi loti makilo 2 m'masiku atatu ndi chifukwa chokwanira chobwerera ku chipatala osadikira deti ya mu buku. Ngati akwera pang'onopang'ono m'masabata, apitebe sabata yomwe ino, ndipo mukanene zoona kuti amadumphitsa, chifukwa mukabisa achipatala adzawawonjezera mapilisi pomwe vuto linali kusamwa. Musachedwe, mbali ya kumanjayi ikadzaza matumbo nawonso amatupa, pilisi sililowa bwino m'magazi, mumangoona akumwa koma mkodzo osachuluka, pamenepo pamafunika lasikisi wa jakisoni ndi kugonekedwanso. Muwafunsenso ngati akumwa bulufeni, daikulofenaki kapena indosidi za msana zogula pa okala, amenewa amagwiritsa impso mchere ndi kufooketsa lasikisi, panado ndiye alibe vuto limeneli.

Kuyeza kuzikhala mmawa uliwonse, atakodza, asanadye, zovala zofanana, sikelo yomweyomweyo pa simenti osati pa dothi, nambala mulembe mu kope pamodzi ndi mapilo omwe agonera usikuwo. Kopelo muzipita nalo. Ndipo kutupa kukatha asasiye mankhwala ena aja poganiza kuti achira, lasikisi amangochotsa madzi basi, mankhwala omwe amateteza mtima kuti usapitirire kufooka ndi enalapulo ndi anzake.

Zosadikira kucha ndi izi, kwa bambo komanso kwa mayi oyandikana nanuwo: kubanika atangokhala phee, kulephera kumaliza chiganizo, makhololo a thovu ofiirira, milomo kuda, kupweteka pa chifuwa, kukomoka kapena kusokonezeka mutu. Muwanyamule atakhala tsonga miyendo ili pansi, osawagoneka chagada kumbuyo kwa galimoto, ndipo mapilisi onse omwe akumwa muwatengere mu jumbo.