Manambala a kumbuyo kwa paketi ya mabisiketi

"Achemwali, ndangoyamba geni yopikula mabisiketi ndi zakumwa ku Tete n'kumagulitsa pa Kalomwe. Makasitomala amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi amandifunsa kuti m'paketimu muli makalori angati. Ine ndikatembenuza paketi ndimangoona manambala ali mbwee. Inu mumawerenga bwanji?"

Mng'ono wanga, katundu wa njira yathuyi amabwera ndi zilankhulo ziwiri. Wina amalembedwa Chipwitikizi, wina, makamaka wa ku Joni amene amalowera pa Kuchamano, amalembedwa Chingerezi. Chilankhulo chisakuopseni, chifukwa zofunika kupeza ndi zitatu basi: kulemera kwa paketi yonse, kukula kwa gawo limodzi, ndi mzere wa mphamvu. Pa Chipwitikizi yang'anani "Peso líquido", "Porção" ndi "Valor energético". Pa Chingerezi gawo ndi "Serving size", mphamvu ndi "Energy", ndipo kulemera kumakhala kutsogolo kwa paketi.

Tiyeni titenge paketi imodzi tiyende nayo. Tinene kuti imalemera magalamu 200, ndipo gawo alemba magalamu 30. Mapaketi ena amalemba okha kuti magawo ndi angati, ambiri salemba, ndiye mumagawa nokha: 200 kugawa ndi 30, mupeza magawo 6 ndi kakotsala, pafupifupi 7. Gawo limenelo musalitenge ngati lamulo la dokotala ayi. Ndi muyeso umene a fakitale agwiritsa ntchito polemba manambala awo, ndipo kawirikawiri umakhala wochepa kuposa mmene anthufe timadyera.

Pamzere wa mphamvu mupeza mizati iwiri, wa magalamu 100 ndi wa gawo limodzi. Paketi yathuyi tinene alemba 2000 kJ pa magalamu 100, ndi 600 kJ pa gawo. Apa m'pamene ambiri amagwa. Chizindikiro cha kJ ndi makilojulu, si makalori. Makalori amene a chipatala amanena ndi aja olembedwa kcal, ndipo katundu wambiri wa ku Joni amangolemba kJ yokha. Kalori imodzi ndi 4.184 kJ, koma pamsika gawani ndi 4.2 pa foni, zikwana. Choncho 600 kugawa ndi 4.2, gawo limodzi lili ndi makalori pafupifupi 143. Dziwaninso kuti Chipwitikizi chimaika kamchira pamene ife timaika kadontho, moti 4,2 wawo ndi 4.2 yemweyo.

Komatu kasitomala sayenda ndi sikelo. Chimene ine ndimachita, mtundu watsopano ukabwera ndimatsegula paketi imodzi n'kuwerenga mabisiketi. Akakhala 20 m'paketi ya magalamu 200, ndiye kuti imodzi ndi magalamu 10, ndipo gawo lija ndi mabisiketi 3 okha. Ndani amadya atatu n'kutseka paketi? Munthu ali pa chapa kuchokera ku Ulongwe mpaka ku Tete amatha 8 osazindikira. Amenewo ndi magalamu 80. Tengani 2000 uja, chulukitsani ndi 80, gawani ndi 100, mupeza 1600 kJ, amene ndi makalori pafupifupi 380. Akamaliza paketi yonse afika cha m'ma 950, pafupifupi theka la makalori 2000 amene zolemba zambiri zimatenga ngati muyeso wa tsiku lonse wa munthu wamkulu.

Ndikuuzani zimene zinandiwawa ine. Mayi wina wodwala matenda othamanga magazi, amene ankalimbana ndi thupi lake, anandifunsa funso lomweli. Ndinawerenga nambala ya gawo limodzi n'kuwauza kuti ndi ya paketi yonse. Iwo anakhulupirira ine, namagula paketi tsiku ndi tsiku ali ndi mtima woti akudzisamala. Mwana wawo wa sukulu ndiye anadzandionetsa cholakwacho. Mpaka lero ndisanayankhe munthu ndimayamba ndafunsa kuti, "Mukuti mudya zingati?"

Zakumwa nazo n'chimodzimodzi, kungoti muyeso ndi mamililita. Botolo la 500 likhoza kulembedwa gawo la 250, pamene aliyense amamwa lonse, ndiye nambalayo muichulukitse kawiri. Pa mkaka wa ufa ndi zakumwa zosungunula onetsetsani ngati manambalawo ndi a ufa wouma kapena osungunula kale, chifukwa amasiyana kutali. Ndipo poyerekeza mitundu iwiri ya katundu, onani mzati wa magalamu 100, popeza fakitale iliyonse imadula gawo mwa iyo yokha.

Odwala shuga muwauze kuti mzere wa makalori suwakwanira, aonenso wa "Hidratos de carbono" ndi "Açúcares", yomwe ndi mizere ya sitachi ndi shuga, kapena atenge paketiyo akaonetse kuchipatala. Ndipo mukayamba kupatula mabisiketi m'timapepala toti ana azigula ndi makobili, musataye chikutiro chake. Ine ndimadula kagawo ka manambalako n'kukamata mkati mwa chivindikiro cha katoni, n'kulembapo ndi bolopeni makalori a bisiketi imodzi. Ya paketi tawerengayi ndikanalemba 48.